Autiputi ya PLC yayaka pa sikirini koma makina sakusuntha: mafunso ndi mayankho

Mayankho awa akutsata makamaka vuto lomwe limapezeka kwambiri: autiputi ya 24 V DC ya PLC, kakompyuta koyendetsa makina, yomwe imapatsa magetsi valavu ya solenoidi, ndipo valavuyo imayendetsa silinda ya mpweya. Za mota ndi kontakita zili chakumapeto. Ndondomeko yake ndi yomweyomweyo.

Kodi pulogalamu ikaonetsa kuti autiputi yayaka, ikutiuza chiyani kwenikweni?

Ikungotiuza kuti biti ina mu memore ya PLC ili pa 1, basi. Sikirini sidziwa ngati pa teminolo pali magetsi, ngati waya ndi wamoyo, kapena ngati mu paipi muli mpweya.

Kuchokera pa bitiyo kukafika pa chitsulo chomwe chiyenera kusuntha pali njira yaitali. CPU imamaliza kuwerenga pulogalamu, kenaka imatumiza zomwe yapeza ku mojulo ya maautiputi. Mojuloyo imatseka thiranzisita kapena karileyi ka m'kati mwake. Magetsi ochokera ku pawa sapulayi amadutsa pa fyuzi, nthawi zambiri amadutsanso pa rileyi yachitetezo, n'kulowa mu mojulo, n'kutulukira pa teminolo, n'kuyenda m'waya mpaka pa koyilo ya valavu, kenaka n'kubwerera ku 0 V. Koyiloyo imakoka kachitsulo, valavu imatembenuza njira ya mpweya, mpweya umakankha pisitoni. Vuto lili pamalo amodzi pa njira imeneyi, ndipo ntchito yanu ndi kupeza malo omaliza pomwe zinthu zidakali bwino ndi malo oyamba pomwe zasokonekera. Musasinthe chipangizo chilichonse musanapeze malo awiriwa.

Ndichite chiyani ndisanagwire chilichonse?

Kumbukirani kuti lamulo loti makina asunthe lilipo kale, likungodikira njira. Mukamanga waya womasuka kapena kubwezeretsa fyuzi, silinda imanyamuka nthawi yomweyo, dzanja lanu lili pomwepo kapena ayi. Choncho chotsani anthu pafupi, ikani makina pa `MANUAL` ngati n'kotheka, ndipo onani komwe silindayo ikagunde ikanyamuka.

Kuyeza mavoliti kumafuna kuti magetsi akhale oyaka. Koma kumasula waya, kuyeza maomu, kapena kulowetsa dzanja m'makina kumafuna kuti muzimitse magetsi, mutseke swichi ndi loko wanu, mutseke mpweya, ndiponso mutulutse mpweya wotsalira m'mapaipi. Valavu ya 5/3 yotseka pakati imasunga mpweya mu silinda ngakhale mutatseka wa ku kompuresa. Katundu wopachikidwa pa silinda yoimirira amatha kugwa mpweya ukatuluka, choncho muchirikizeni kaye.

Ndiyambire ku PLC kapena ku valavu?

Yambani pakati. Kuyenda waya ndi waya kuchokera ku CPU kumadya nthawi pachabe. Pali zinthu zitatu zomwe mungaone m'mphindi ziwiri musanatulutse mita: kanyali ka autiputi pa mojulo, kanyali ka pa pulagi ya koyilo, ndi kabatani koyendetsera valavu pamanja.

Ngati kanyali ka pa mojulo n'kozima, vuto lili kumtunda: pulogalamu, adiresi, CPU kapena netiweki. Ngati kayaka koma ka pa pulagi ya valavu n'kozima, vuto lili m'magetsi, pakati pa mojulo ndi koyilo. Ngati tonse tayaka, dinani kabatani ka pa valavu malo ali otetezeka. Silinda ikayenda, mpweya ndi zitsulo zili bwino, ndipo muyang'ane koyilo ndi kuchuluka kwa magetsi omwe ikulandira. Ikapanda kuyenda, siyani laputopu ndi mita, chifukwa nthawi zambiri vuto si lamagetsi.

Biti ili pa 1 koma kanyali ka pa mojulo n'kozima. Pangakhale chiyani?

Choyamba onetsetsani kuti mukuyang'ana PLC yoyenera. Pomwe pali makina angapo ofanana pa netiweki imodzi, kulumikizika ku adiresi ya IP ya makina ena si chinthu chachilendo. Zimachitikanso kuti laputopu yalumikizika ku simyuleta, monga PLCSIM, osati ku CPU yeniyeni. Kenaka onani ngati CPU ili pa `RUN`. Ikakhala pa `STOP` kapena `PROG` maautiputi amazima ngakhale bitiyo ikuonekabe pa 1. Ma PLC a Allen-Bradley alinso ndi `TEST`, pomwe pulogalamu imayenda koma maautiputi satuluka.

Chachiwiri ndi adiresi yolembedwa kawiri. Vutoli limasocheretsa anthu ambiri chifukwa sikirini siinama, koma ikunena za mphindi ina. Onani mizere iwiri iyi, yomwe ili m'zigawo zosiyana za pulogalamu imodzi:

```
Valve_Y3 := Auto AND Step_4;    // FC10
Valve_Y3 := Manual AND PB_7;    // FC20
```

Mukamayang'ana `FC10`, muona `TRUE`, ndipo n'zoona pamalo amenewo. Koma `FC20` imabwera pambuyo pake n'kulemba `FALSE`, ndipo pa PLC zambiri chomwe chimapita ku mojulo ndi chomwe chalembedwa pomaliza. Tsegulani `Cross-reference` pa dzina la autiputiyo muwerenge malo onse pomwe imalembedwa. Osangoyang'ana makoyilo a mu pulogalamu okha: malangizo ngati `MOVE` omwe amalemba baiti yonse, mwachitsanzo `QB0`, amafufuta mabiti onse 8 nthawi imodzi, kuphatikizapo autiputi yanu ngati ili pa `Q0.3`. Kuti mudziwe mtengo weniweni, ikani adiresiyo mu `Watch table` m'malo moyang'ana mtundu wa mzere wa lada.

Chachitatu, onani ngati pali `FORCE`, fosi yokakamiza autiputi kuyaka kapena kuzima, yomwe wina anaiwala kuchotsa. CPU zambiri zimaonetsa chizindikiro pa kanyali zikakhala ndi fosi.

Chachinai n'kusiyana kwa dzina ndi malo. Dzina `Valve_Y3` likhoza kukhala lomangiriridwa ku biti ya memore chabe, kapena ku adiresi ya mojulo ina. Izi zimabuka makamaka munthu akaonjezera mojulo kapena kusintha makonzedwe a hadiweya. Yang'anani mu panelo ngati pali kanyali kena komwe kamayaka ndi kuzima limodzi ndi biti yanu. Mukakapeza, mwapeza komwe lamulo likupita.

Ngati mojulo ili kutali, pa PROFINET kapena EtherNet/IP, onani tinyali ta kulumikizana monga `BF`, `SF`, `ERROR` kapena `NET`, ndipo werengani zomwe CPU yalemba mu `Diagnostic buffer`. Kulumikizana kukaduka, mojulo zambiri zimazimitsa maautiputi onse, pomwe CPU ikupitiriza kulemba 1 mu memore yake ngati palibe chachitika.

Kanyali ka pa mojulo kayaka. Si ndiye kuti magetsi akutuluka?

Ayi. Pa mojulo zambiri kanyaliko kamayatsidwa ndi mbali ya m'kati yomwe imalankhula ndi CPU, osati ndi magetsi otuluka pa teminolo. Kakhoza kuyaka bwinobwino fyuzi itapsa, thiranzisita itafa, kapena makontakiti a karileyi atanyeka. PLC siipanga magetsi a koyilo, imangotseka swichi, ndipo swichiyo iyenera kupatsidwa magetsi kuchokera kwina.

Choncho yezani kaye magetsi olowa. Pa mojulo ya thiranzisita ya Siemens ndi pakati pa `L+` ndi `M` a gulu la maautiputi limenelo. Pa mojulo ya marileyi ndi pa `COM` kapena `1L`, `2L`. Mojulo imodzi imakhala ndi magulu awiri kapena kuposa, lililonse ndi waya wake wolowa, ndipo gulu limodzi likhoza kufa ena akugwira ntchito. Funso lothandiza ndi ili: kodi maautiputi oyandikana nayo akugwira ntchito? Ngati gulu lonse lafa, musakayikire thiranzisita imodzi. Tsatani waya wolowa.

Kawirikawiri wayayo amakufikitsani ku rileyi yachitetezo. Makina ambiri amalumikizidwa mwakuti batani loimitsa mwadzidzidzi, swichi ya chitseko kapena katani ya kuwala zimadula `L+` ya maautiputi oyendetsa zinthu, pomwe CPU imakhalabe yoyaka. Rileyi imeneyi ikakhala kuti sinabwezeretsedwe, pulogalamu yolembedwa mosasamala imapitiriza kuyatsa mabiti. Onani tinyali take tiwiri ta `K1` ndi `K2`. Kakayaka kamodzi kokha, tchanelo imodzi ya swichi ina yachitetezo yaduka. Konzani chifukwa chake. Musalumphitse waya pa rileyi yachitetezo, ngakhale kwa kamphindi koyesera.

Ndiyeze pati, ndipo mita ionetse chiyani?

Zimatengera mtundu wa autiputi, ndipo apa ndi pomwe muyeso wabwino umamasuliridwa molakwika.

Autiputi ya PNP imatulutsa +24 V kupita ku koyilo, ndipo mbali ina ya koyilo imakhala pa 0 V. Ikani waya wakuda wa mita pa 0 V ya pawa sapulayi, wofiira pa teminolo ya autiputi. Ikayaka muyenera kuona pafupifupi 24 V, ikazima pafupifupi 0 V.

Autiputi ya NPN imachita mosiyana: koyilo imakhala ndi +24 V nthawi zonse, ndipo autiputi imagwetsera mbali inayo ku 0 V. Mukayeza monga pamwambapa, 24 V ikutanthauza kuti autiputi yazima, ndipo pafupifupi 0 V ndiye kuti yayaka. Werengani nambala ya mojulo ndi chojambula cha mawaya musanaweruze.

Muyeso womwe sunamiza pa mitundu yonse iwiri ndi wa pa miyendo iwiri ya koyilo yeniyeniyo, koyiloyo ili yolumikizidwa. Mukayeza mwendo umodzi wokha poyerekeza ndi 0 V ya mu panelo, simuona waya wobwerera woduka. Chizindikiro cha waya wa 0 V woduka pa PNP n'chakuti miyendo yonse iwiri ya koyilo imaonetsa 24 V poyerekeza ndi panelo, koma pakati pa iwiriyo pali 0 V. Musatenge chitsulo cha makina ngati 0 V pokhapokha mutatsimikiza kuti zinalumikizidwa.

Pa kuchuluka kwake, muyezo wa IEC 61131-2 umalola PLC kugwira ntchito pakati pa 20.4 V ndi 28.8 V, koma makoyilo ambiri a mavalavu amalola kutsika ndi 10% yokha, kutanthauza 21.6 V. Ndiye PLC ikhoza kukhala yosangalala pa magetsi omwe valavu yayamba kale kuzengereza.

Mita ikuonetsa 24 V pa pulagi ya valavu, koma valavu siikugunda. Zitheka bwanji?

Funso loyamba ndi lakuti: munayeza pulagi ili yozulidwa kapena yolumikizidwa? Mita ya dijito imakhala ndi pafupifupi 10 MΩ m'kati mwake, choncho siikoka karenti yoti n'kutchula. Ulusi umodzi wokha wa waya womwe watsala osaduka, kapena teminolo yadzimbiri, ndi zokwanira kuti mita ionetse 24 V yathunthu. Koyilo ikalumikizidwa, mavoliti amenewo amagwa.

Titenge chitsanzo ndi manambala. Silinda `Y3` siikutuluka. `Q0.3` ili pa 1 mu `Watch table`, kanyali ka pa mojulo kayaka, ndipo kabatani ka pa valavu kakadinidwa silinda ikuyenda bwino. Pa koyilo palembedwa 24 V DC, 4.8 W. Pamenepa tikudziwa zomwe tiyembekezere:

```
I = P / V  = 4.8 / 24   = 0.2 A
R = V² / P = 576 / 4.8  = 120 Ω
```

Magetsi atazimitsidwa ndi pulagi itazulidwa, koyilo ikuonetsa 118 Ω. Ndi yamoyo. Magetsi atayatsidwa, pulagi yozulidwa ikuonetsa 24 V. Apa ambiri amasintha valavu yonse, ndipo yatsopanoyo nayonso siigunda. Koma tikabwezeretsa pulagi, n'kuyeza pa masikulu a m'kati mwake koyilo ili pamzere, tikupeza 14 V yokha. Kanyali ka pa pulagi kakuyakabe, chifukwa iko kamafuna mamiliampu ochepa chabe.

Mavoliti 10 atayika penapake, ndipo tiwapeza autiputi ili chiyakire. Pa `L+` pali 24 V. Pa teminolo ya `Q0.3` pali 23.8 V, choncho mojulo ilibe mlandu. Pa teminolo `X1:14` pansi pa panelo pali 23.8 V. Mu bokosi lolumikizira la pa makina, mbali yolowa ya `X5:3` ili ndi 23.7 V, koma mbali yotuluka ili ndi 14 V. Kuti titsimikize, tiika mawaya awiri a mita mbali ziwiri za teminolo yomweyo. Pamalo olumikizika bwino payenera kuoneka zosakwana 0.1 V, koma apa pakuoneka pafupifupi 10 V. Koyilo ya 120 Ω pa 14 V ikukoka 0.117 A, ndiye teminoloyo yasanduka chotchinga cha pafupifupi 83 Ω. Tikaitsegula, magetsi atazima, tipeza sikulu yomasuka ndi waya wobiriwira chifukwa cha chinyezi. Kukonza kwake n'kudula nsonga yowonongeka, kuika ferulo yatsopano, kusintha teminolo, ndi kufufuza komwe madzi akulowera.

Mbali ya 0 V imayezedwa chimodzimodzi: pakati pa mwendo wobwerera wa koyilo ndi 0 V ya pawa sapulayi pasapitirire kachigawo kochepa ka voliti. Ngati mita yanu ili ndi `LoZ`, igwiritseni ntchito pochotsa mavoliti onama obwera chifukwa cha mawaya oyandikana, koma dziwani kuti karenti yomwe imakoka ndi yochepabe poyerekeza ndi ya koyilo. Choyesera chabwino koposa ndi koyilo yomweyo.

Ndidziwa bwanji kuti koyilo yapsa?

Zimitsani, zulani pulagi, yezani maomu pa mapini a koyilo ndipo muyerekeze ndi `V² / P`. Mita ikaonetsa `OL`, waya wa m'kati waduka. Ikaonetsa maomu ochepa kwambiri, mwachitsanzo 15 Ω pomwe payenera 120 Ω, mwachita shoti, ndipo n'kutheka kuti ndiyo yapsereza fyuzi. Kusiyana kwa 10% kapena kuposerapo pang'ono si vuto, makamaka koyilo ikakhala yotentha, chifukwa maomu a kopa amakwera akatentha.

Njirayi ili ndi malire. Makoyilo okhala ndi timagetsi ta m'kati tochepetsa karenti kapena tosandutsa AC kukhala DC sapereka muyeso womveka. Makoyilo a AC nawonso amaonetsa maomu ochepa kuposa a fomyulayi ngakhale ali abwino. Zikatero yerekezani ndi koyilo ina yofanana nayo. Kuyandikitsa sikuludiraiva pa nsonga ya koyilo yoyaka kuti mumve kukoka kwa maginito kumathandiza pa makoyilo akuluakulu, koma pa ang'onoang'ono a 1 W kukokako sikumveka kwenikweni. Werenganinso zolembedwa pa koyilo: ya 230 V AC yoikidwa molakwika pa 24 V DC siisuntha chilichonse. Ndipo musayatse koyilo ya AC itavulidwa pa valavu, imapsa msanga.

Autiputi imayaka kamphindi kenaka n'kuzima yokha, kapena fyuzi imapsa nthawi zonse. Chikuchitika n'chiyani?

Karenti yachuluka. Maautiputi ambiri a thiranzisita amapirira 0.5 A iliyonse, ndipo a marileyi pafupifupi 2 A. Palinso malire a gulu lonse. Koyilo ya valavu ya haidiroliki ya 30 W imakoka 1.25 A, choncho siiyenera kulumikizidwa mwachindunji ku autiputi ya 0.5 A. Imafuna rileyi yapakati. Mojulo zokhala ndi chitetezo cha m'kati zimadula autiputi zikaona shoti. Zina zimayesanso zokha mobwerezabwereza, zina zimakhala chizimire mpaka mutazibwezeretsa.

Chotsani waya pa teminolo ya autiputi, magetsi atazima, muyeze maomu kuchokera pa wayayo kupita ku 0 V. Muyenera kupeza maomu a koyilo. Mukapeza pafupifupi ziro, zulani pulagi ya valavu muyezenso. Shoti ikatsala, ili m'kebulo. Ikachoka, ili mu koyilo kapena mu pulagi. Dayodi yoteteza yomwe yaikidwa chozondoka, kapena pulagi ya dayodi yomwe + ndi − zasinthanitsidwa, imakhala shoti yeniyeni autiputi ikangoyaka.

Onaninso pawa sapulayi. Ikalemedwa imagwetsa mavoliti mavalavu angapo akayaka pamodzi, ndipo `MIN/MAX` ya mita imagwira kugwa koteroko. Kuika fyuzi yaikulu si yankho, kumangosamutsira motowo ku mojulo.

Ndatsimikiza kuti autiputi ya mojulo yafa. Ndingosamutsira waya ku ina yopuma?

Umboni wake ukhale uwu: magetsi olowa alipo, kanyali kayaka, koyilo ndi kebulo zilibe shoti, koma pa teminolo palibe chotuluka. Pa karileyi, 24 V yooneka pakati pa `COM` ndi teminolo kanyali kali koyaka ikusonyeza kuti makontakiti sanatseke.

Mukhoza kusamutsa, koma pezani kaye chomwe chinapha yoyambayo. Koyilo ikazimitsidwa imabweza mavoliti okwera kwambiri, ndipo popanda dayodi pa DC, kapena varisita kapena RC pa AC, makontakiti amanyeka pang'onopang'ono. Mukasamutsa osakonza izi, yatsopanoyo ifanso. Sinthani adiresi mu pulogalamu, lembani pa chojambula ndi pa chizindikiro cha waya, ndipo sungani pulogalamu yatsopanoyo.

Kodi kufosa autiputi kapena kulumphitsa waya n'kololedwa poyesa?

Fosi imayankha funso limodzi lokha: kodi vuto lili mu pulogalamu kapena kunja kwake? Ngati biti ili kale pa 1 mu `Watch table` ndipo kanyali kayaka, fosi siikuuzani chatsopano. Imadumphanso zotchinga zonse za pulogalamu, choncho silinda ikhoza kugunda chinthu chomwe pulogalamu imayenera kudikira kuti chichoke. Fosani autiputi imodzi yokha, wina ataima pa batani loimitsa, ndipo chotsani fosiyo musanachoke pa makina.

Jampa yochokera ku +24 V ikhale ndi fyuzi yaing'ono, monga ya 1 A, ndipo muchotse kaye waya pa mojulo kuti musabwezere magetsi mu autiputi. Tengani 24 V ya pambuyo pa rileyi yachitetezo kuti batani loimitsa likhalebe ndi mphamvu.

Koyilo ili ndi 24 V, ndikumva "tiki", koma silinda ili chiimire. Ndiyang'ane kuti?

Kulira kumeneko n'kwa kachitsulo ka solenoidi, osati umboni woti sipulu yaikulu, yomwe imatembenuza njira ya mpweya, yasuntha. Mavalavu ambiri a mpweya ndi a pailoti: solenoidi imangotsegula kanjira kakang'ono, ndipo mpweya ndiwo umakankha sipulu. Amafuna pulesha yoyambira, kawirikawiri pakati pa 1.5 ndi 3 bar malinga ndi mtundu wake. Pulesha ikachepa, kapena paipi ya pailoti yakunja ikatsekeka, valavu imalira koma siitembenuka. Werengani geji ya pa makinawo, osati ya ku kompuresa, ndipo iwerengeni panthawi yomwe valavu ikuyaka. Geji yoima pa 6 bar n'kugwa mpaka 2 bar valavu ikatseguka ikusonyeza fyuluta yotsekeka, paipi yopindika kapena valavu yoyambitsa mpweya pang'onopang'ono yomwe sinatseguke yonse. Valavu yotulutsa mpweya pa ngozi nayonso imalamulidwa ndi rileyi yachitetezo.

Pa valavu ya makoyilo awiri, onani ngati inayo yazima. Onse awiri akayaka, nthawi zambiri sipulu imakhala pomwe inali.

Kenaka tsatani mpweya. Tsekani, tulutsani wotsalira, masulani paipi ya ku doko 4 kapena 2 pa silinda n'kuigwira bwino kapena kuikapo geji, ndipo yesaninso. Ngati mpweya sukufika, sipulu yakakamira chifukwa cha zinyalala, dzimbiri kapena mafuta ouma, kapena sikulu yochepetsa liwiro yatsekedwa mpaka pamapeto. Ngati ukufika, onani mbali yotulukira, poti silinda siyenda ngati mpweya wa mbali inayo ulibe potulukira. Sailensa yotsekeka imachita zimenezi, ndipo kuimasula kwa kanthawi kumaonetsa msanga. Mpweya womwe ukungotuluka osaleka pa ekizozi silinda ili chiimire ukuloza ku labala ya pisitoni yong'ambika kapena labala za sipulu.

Pomaliza ndi nkhani ya mphamvu. Silinda ya 50 mm ili ndi pisitoni ya 19.6 cm². Pa 6 bar imakankha ndi pafupifupi 1180 N, koma pa 2 bar ndi 390 N yokha. Ngati pulesha ili yokwanira, masulani ndodo ya silinda ku katundu wake. Ikayenda yokha, chogwira chili m'makina: njanji yopindika, beringi yolimba kapena chinthu chopanikizika.

Nanga ikakhala mota yoyendera kontakita?

Njira imangotalika. Nthawi zambiri autiputi imayatsa rileyi yapakati, ndipo rileyiyo imapereka magetsi ena, mwina 230 V AC a fyuzi yawoyawo, ku koyilo ya kontakita. Yezani pa `A1` ndi `A2` a rileyi, kenaka pa `A1` ndi `A2` a kontakita. Pakati pake mumapezeka kontakiti ya ovalodi `95-96`, swichi ya `HAND-OFF-AUTO`, ndi kontakiti yotchinga ya kontakita ya mbali ina pa mota yobwerera m'mbuyo. Kontakita imayenera kukoka bwino pakati pa 85% ndi 110% ya mavoliti a koyilo yake, ndipo pansi pa apo imanjenjemera kapena kukana.

Kontakita ikakoka koma mota ili zii, yezani mafezi onse atatu, awiriawiri, pa `L1 L2 L3`, kenaka pa `T1 T2 T3`, kenaka pambuyo pa swichi yodulira ya pafupi ndi mota. Awa ndi magetsi opha, ndipo ayezedwe ndi munthu wovomerezeka ndi mita yoyenera. Mota yong'ung'udza osazungulira yataya fezi imodzi kapena yagwidwa, ndiye zimitsani msanga isanapse. Ikamazungulira koma lamba ali chiimire, onani kapulingi, kiyi ya shafuti ndi buleki. Musakankhe kontakita ndi sikuludiraiva kuti muone ngati mota ikuyenda, chifukwa mwatero mwadumpha ovalodi ndi chitetezo chonse.

Pa VFD, diraivu yosintha liwiro la mota, pali chosiyana?

Lamulo loyenda palokha silikwanira. Diraivu imafunanso liwiro, ndipo likakhala 0 Hz imaonetsa `RUN` mota ili chiimire. Onani pa kasikirini kake ngati ili pa `LOCAL` m'malo mwa `REMOTE`, ngati inuputi yachitetezo ya `STO` yaduka, ngati pali folo, ndiponso ngati inuputi yomwe autiputi yanu yalowapo ikuoneka yoyaka pa tsamba la mainuputi. Ikapanda kuoneka pomwe pa teminolo pali 24 V, nthawi zambiri 0 V ya PLC sinalumikizidwe ndi `COM` ya diraivu, kapena kaswichi kosankha PNP ndi NPN kali kolakwika. Liwiro likamabwera pa 4–20 mA, kumbukirani kuti 4 mA ndi ziro, ndipo 0 mA ndi waya woduka kapena mojulo yopanda magetsi.

Vutoli limabwera n'kuchoka. Ndiligwira bwanji?

Maso sangaligwire. Sikirini imasintha kangapo chabe pa sekondi, pomwe PLC imazungulira pulogalamu yake m'mamilisekondi ochepa. Autiputi yoyaka kwa 10 ms yokha ikhoza kuoneka pa sikirini nthawi zina, koma valavu yofuna 20 ms kapena 30 ms kuti itembenuke siiyankha. Gwiritsani ntchito `Trace` kapena `Trend` kujambula autiputi pamodzi ndi sensa yotsimikiza kuti silinda yafika, kapena ikani kauntala yowerenga kangati bitiyo yazima.

Ngati biti ili chikhalire pa 1, siyani mita pa miyendo ya koyilo ili pa `MIN/MAX` makina akugwira ntchito. Kenaka, makina ataimitsidwa motetezeka, gwedezani kebulo chigawo ndi chigawo mita ili pa maomu. Yambani ndi malo opindikapindika: mu tcheni chonyamula makebulo, pa hinji ya chitseko cha panelo, ndi pomwe kebulo imalowera mu pulagi. Lembani nthawi yomwe vuto limabuka. Likamabwera makina atatentha, kayikirani koyilo yomwe imaduka m'kati ikafutukuka, ndipo iyezeni idakali yotentha. Likamagwirizana ndi kuyaka kwa makina ena akuluakulu, onani pulesha ya mpweya ndi mavoliti a pawa sapulayi panthawi yomweyo.